Buledi wa magalamu 700: lipoti la vidiyo imene tinajambula m'bekare ina ku Kapata

Ntchito yanga ndi kujambula timavidiyo ta malonda muno mu Chipata, ndipo chida changa ndi foni basi. Ndajambulirapo osoka zovala, oweta nkhuku, amasaluni, koma bekare ndinali ndisanalowemo ndi kamera. Mu Okutobala chaka chatha anandiitana amayi ena amene ali ndi bekare yaing'ono ku Kapata. Amaphika buledi ndi mabanzi, antchito ndi anayi, ndipo katundu wambiri amapita pa njinga ku tuntemba ta ku Mchini, Nabvutika ndi Magazine.

Pempho lawo linali lalifupi. "Mwananga, undipangire kavidiyo kokongola ngati tija ta pa Facebook. Anthu aone mmene timaphikira, kuikemo kanyimbo, buledi aziwala." Nditafunsa chimene chavuta, anati eni tuntemba ena amene ankatenga malofu khumi tsiku lililonse tsopano akutenga asanu, ena asiyiratu.

Ndinapempha kuti ndisajambule kaye. Kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho m'mawa mwake ndinabwereka njinga n'kutsagana ndi mnyamata woperekera buledi. Pa kantemba kalikonse ndinkangofunsa kuti ogula amati chiyani. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti buledi sakoma. Madandaulo anali awiri okha, ndipo ankabwerezeka. Loyamba, buledi ndi wopepuka, "mphepo yokhayokha". Lachiwiri, ndi wogona. Bambo wina ku Mchini anatulutsa lofu m'shelefu, n'kundilozera timadontho ta madzi mkati mwa pulasitiki. "Onani atate, akuchita thukuta. Masiku awiri okha ayamba nkhungu. Munthu akabweza, ndalama imatuluka m'thumba mwanga, osati mwa amayi anuwo."

Apa mpamene ndinadziwa vidiyo yofunika. Kanyimbo ndi buledi wowala siziyankha munthu amene akuti lofu ndi wopepuka. Chimene chingamuyankhe ndi sikelo. Ndipo woti buledi ndi wogona amayankhidwa ndi wotchi.

Usiku woyamba, foni ili m'thumba

Ndinagona m'bekaremo usiku umodzi osajambula kanthu, kungoyang'ana ndi kulemba nthawi. Amene amatsogolera kuphika ndi bambo wachikulire amene tonse timawatchula kuti amalume. Ntchito inkayamba cha m'ma 1 koloko usiku. Thumba limodzi la fulawa la makilogalamu 25 amalithira madzi pafupifupi malita 15, mchere theka la kilo, yisiti wouma kota ya kilo, shuga kilo imodzi ndi mafuta theka la kilo. Zonse pamodzi zimapanga mtanda wa makilogalamu 42 ndi pang'ono. Makina amakanda kwa mphindi khumi ndi zingapo, kenako amalume amatsina kachidutswa n'kukatambasula ndi zala moyang'anitsa ku getsi. Kakatambasuka mpaka kuonekera kuwala osang'ambika, mtanda wakandika. Kakaduka msanga, makina apitirize.

Ukatero mtanda umapuma pang'ono, amaudula, kuuumba, kuuika m'zitini, n'kuusiya kuti utupe. M'kutentha kwa Okutobala zinatenga mphindi pafupifupi 50. Uvuni amautenthetsa kufika madigiri 220, ndipo buledi amakhalamo pafupifupi theka la ola.

Zinthu ziwiri zimene ndinaona usiku umenewo zinasintha ntchito yonse. Sikelo inalipo koma inali pakona, yakutidwa ndi fumbi la fulawa. Amalume ankadula mtanda ndi maso, ndipo dzanja lawo ndi lozolowera ndithu, koma pa thumba limodzi ankatulutsa malofu 57. Tiwerengere limodzi. Mtanda ukalowa mu uvuni umataya madzi, ndipo pofika pozizira lofu amakhala atapepuka ndi magalamu 10 mpaka 12 pa 100 aliwonse. Kuti lofu wozizira alemere magalamu 700, monga momwe chikwangwani cha pakhomo pawo chinkanenera, mtanda wake uyenera kukhala wa magalamu pafupifupi 800. Mtanda wa makilogalamu 42 ukaugawa motero umapeza malofu 52. Ukatulutsa 57 ndiye kuti chidutswa chilichonse chili pa magalamu 740 kapena cha pomwepo, ndipo lofu wake akazizira amagwera ku 650. Anthu a ku Mchini sankanama.

Chachiwiri chinali chothamangira nthawi. Mnyamata wa njinga amafuna kunyamuka 5 koloko, ndiye buledi womaliza kutuluka ankamulonga m'mapulasitiki akadali wofunda. Lofu wofunda amapitiriza kutulutsa nthunzi. Ukamutsekera, nthunziyo imasanduka madzi pa pulasitiki, khungu la buledi limanyowa, ndipo nkhungu imapeza pokhala. Buledi amene anthu ankamunena kuti ndi wogona anali wa m'mawa womwewo. Chimene chinkamuipitsa n'choti anali watsopano kwambiri pomulonga.

Kutacha ndinawauza amayi aja zonsezi, ndipo sizinawakomere. Malofu asanu pa thumba lililonse ndi ndalama, makamaka pamene fulawa imachokera kutali, kudzera mumsewu wa Great East wa makilomita opitirira 500 kuchokera ku Lusaka. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye ungojambula lofu limodzi lolemera bwino, anthu aone."

"Amayi," ndinatero, "pa kantemba pali sikelo ya shuga ndi kapenta. Tikaonetsa 700 pa vidiyo, mawa lomwe wina aikapo lofu lanu. Akapeza 650, vidiyo yomweyo ndi imene azionetsa anzake pokusekani."

Palinso mbali ya lamulo. Kulengeza kulemera kumene katundu alibe ndi kunamiza ogula, ndipo nkhani zotere amazitsata a CCPC, bungwe la boma loteteza ogula. Koma kunena zoona sindinafunike kufika kumeneko. Sikelo ya kapenta ija inakwanira. Tinagwirizana kuti kwa sabata imodzi chidutswa chilichonse chizipita pa sikelo, ndipo kuphika kuziyamba msanga ndi ola limodzi kuti buledi azipeza maola awiri ozizirira pa mashelefu a waya asanalowe m'pulasitiki. Mtengo wa lofu anaukweza pang'ono. Zimenezo anaganiza okha, si mbali yanga.

Mmene ndinawonongera zitini khumi ndi ziwiri

Usiku woyamba kujambula unali wamanyazi, ndipo wolakwa ndinali ine.

Vuto loyamba ndinaliona nditangotsegula kamera. Pa sikirini pankayenda mizere yakuda yopingasa, kutsika pang'onopang'ono ngati mthunzi wa malata. Magetsi athu kuno amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti machubu aatali a m'denga aja amaphethira mofulumira kwambiri moti diso siliona, koma kamera imaona. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa `30 fps` kapena `60 fps`, kutanthauza zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi, ziwerengero zosagwirizana ndi kuphethira kumeneko. Mankhwala ake ndi kusintha kupita pa `25 fps`, kapena kulowa mu gawo la kamera lotchedwa `Pro` n'kuika liwiro la chotsekera kuwala pa `1/50`. Ndinkazidziwa zimenezi, koma ndinazolowera kujambula masana panja, ndiye ndinataya mphindi zambiri ndikufufuza m'foni pamene makina anali atayamba kale kukanda.

Lachiwiri linali la galasi la kamera. Fulawa imauluka, imakhala pagalasi, chithunzi chimachita mbuu ngati m'mawa wa mu Juni. Ndipo nditayandikira pamene amalume ankatsegula uvuni, nthunzi inaphimba galasi lonse, masekondi abwino kwambiri a usikuwo anatayika. Foni nayonso inatentha mpaka inaleka kujambula yokha.

Koma cholakwa chachikulu chinali ichi. Zitini zitadzaza, mtanda utatupa bwino, amalume anati tiike mu uvuni. Ine ndinati adikire kaye ndikonze getsi. Nditakonza ndinati abwereze kunyamula thireyi chifukwa dzanja lawo linatchinga. Kenako abwerezenso. Anandiyang'ana, osanena kanthu, chifukwa ndinali mlendo wa abwana. Mphindi makumi awiri zinapita. M'chipinda chotentha chonchija yisiti sadikira munthu. Mtanda unapitirira kutupa, ndipo thireyi itangogunda pakamwa pa uvuni, malofu ena anangoti fwaa, kuphwa pamwamba. Amene anapsa anatuluka ndi misana yophwanyika, mkati muli mabowo akuluakulu, akununkhira ngati mowa wa masese.

Amalume anandiitana, n'kundigwira chala. "Mphwanga, bwera uone." Anachidinikiza pa mtanda wina umene unali usanafike. Dzenje linabwerera msangamsanga. "Uwu sunakonzeke." Pa chitini china dzenje linabwerera pang'onopang'ono, n'kusiya kachizindikiro. "Uwu ndi wa mu uvuni, pompano, osati ukamaliza za foni yakozo." Pa wotsala wa thireyi yanga ija dzenje linangokhala, osabwerera n'komwe. Sananenenso china.

Malofu khumi ndi awiri amenewo ndinawalipira pa malipiro anga. Poonera zimene ndinajambula ndinapezanso zina zimene maso anga sanaone m'chipindamo: mnyamata wina ankaumba mtanda atavala wotchi ndi kachibangili, kansalu kopukutira zitini kanali kakuda bii, ndipo kumbuyo kwa amalume kunkaoneka tsache litatsamira thumba la fulawa. Chiyambire kolera ya 2023 mpaka 2024, anthu amayang'anitsitsa manja a wogwira chakudya. Zinthu zotere sindizibisa potembenuza kamera. Ndinawaonetsa amayi pa foni pomwepo, ndipo iwo ndi amene anagula nsalu zatsopano, kukweza matumba pa mapulanga, ndi kulamula kuti mawotchi ndi mphete zizitsala m'chikwama.

Usiku wachiwiri: kutsata wotchi ya mtanda

Patapita masiku anayi ndinabwerera ndi pepala limodzi. Pa pepalapo ndinalemba nthawi imene chinthu chilichonse chimachitika, ndi pamene ndiyenera kukhala nditaima kale chisanachitike. Lamulo linali loti palibe kubwereza. Chikandiphonya pa thumba loyamba, ndidikire lachiwiri, poti usiku uliwonse amakanda matumba atatu.

Machubu a m'denga ndinazimitsa mbali imene ndinkajambula. M'malo mwake ndinagwiritsa ntchito nyale ziwiri zotchaja, zomwe zija tonse tinagula mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, malaiti akumapita tsiku lonse. Nyale ya batire ukaiyatsa mpaka pamapeto nthawi zambiri siphethira. Imodzi ndinaiphimba ndi pepala loyera kuti kuwala kufewe, n'kuiika cham'mbali mwa tebulo. Kuwala kochokera m'mbali ndi kumene kumaonetsa maonekedwe a mtanda ndi timabowo ta mkati mwa buledi. Kochokera kutsogolo, ngati tochi ya foni, kumafafaniza zonse, buledi amaoneka ngati sopo. Foni ndinaiimika choimirira, poti anthu adzaonera pa WhatsApp, ndipo pa chithunzi chilichonse ndinkadinikiza chala pa sikirini mpaka patalembedwa `AE/AF Lock`, kuti kuwala kusamasinthesinthe dzanja loyera fulawa likadutsa. M'thumba ndinali ndi kansalu kopukutira galasi, ndipo ndinkapukuta ndisanayambe chilichonse.

Chithunzi cha sikelo ndi chimene ndinachiganizira kwambiri, chifukwa ndicho chinali mutu wa nkhani. Ndinachijambula osadula: sikelo yopanda kanthu ikuonetsa 0, dzanja la amalume likuponyapo mtanda, manambala akukwera n'kuima pa 800, dzanja likuchotsa, chidutswa china chikubwera. Zidutswa zitatu motsatizana. Chachiwiri chinafika 785, amalume anatsina kamtanda n'kuwonjezera. Mphwanga amene anandithandiza kugwira nyale anati kameneko tidzakadule. Ine ndinakasiya dala. Munthu akaona zidutswa zitatu zonse zikugwera pa 800 ndendende amadziwa kuti zakonzedwa. Akaona dzanja likuwonjezera pamene pachepa, amaona munthu amene akulondera kulemera kwa buledi wake. M'mawa ndinajambulanso lofu wozizira pa sikelo yomweyo, pamalo omwewo, akuonetsa 706. Sikeloyo ili ndi chidindo cha a ZMA, bungwe loyesa masikelo a malonda, ndipo ndinaonetsetsa kuti chidindocho chili m'chithunzi ngakhale sindinachitchule.

Za kutupa kwa mtanda ndinagwiritsa `Time-lapse`, kajambulidwe koonetsa za nthawi yaitali m'masekondi ochepa, pa foni yachiwiri yobwereka. Kuwerengera kwake n'kosavuta: chithunzi chimodzi pa masekondi 15 aliwonse kwa mphindi 50 ndi zithunzi 200, zimene pa `25 fps` zimatha masekondi 8. Vuto n'loti zitini amaziphimba ndi pulasitiki kuti mtanda usaume pamwamba, ndipo kamera siona bwino kudzera m'pulasitiki ya thukuta. Tinapatula chitini chimodzi, kupaka timafuta pamwamba pa mtanda, n'kuchisiya chosaphimba kutali ndi mphepo ya pakhomo. Kumbuyo kwake ndinapachika wotchi ya pakhoma ya m'bekaremo. Mtanda ukukwera, mivi ya wotchi ikuzungulira. Lofu limenelo sitinagulitse, tinamwera tiyi.

Wotchi yomweyo ndinaibwezera pakhoma pamwamba pa mashelefu, ndipo inaonekanso kawiri: buledi akutuluka cha m'ma 3 koloko, ndiponso akulowa m'mapulasitiki itadutsa 5. Pa uvuni ndinaima patali masitepe awiri, cham'mbali, n'kudikira kuti mpweya woyamba wotentha udutse ndisanayandikire.

Nkhani ya nthunzi

Apa mpamene kukhulupirika ndi kukopa zinakangana. Aliyense amadziwa chimene chimagwetsa malovu: manja akunyema buledi wotentha, nthunzi ikuti tolotolo. Amayi ankafuna chimenecho, inenso ndinkachifuna. Koma lofu la m'chitini likangotuluka mu uvuni mkati mwake simunakhazikike. Ukalinyema pamenepo limamata, limakanyika ngati nsima yosapsa, ndipo mpeni umaliphwanya m'malo molicheka. Ndinayesa limodzi, pa kamera linaoneka ngati losapsa. Komanso taganizani: vidiyo yonse ikunena kuti buledi wathu timamudikira azizire, ndiye pamapeto tionetse lofu lofuka nthunzi? Wogula ku Nabvutika sadzalandira lofu lotentha, ndipo sitikufuna kuti azilifuna.

Yankho linapezeka pa mabanzi. Banzi ndi laling'ono, limakhazikika msanga, ndipo pawindo la bekareyo amagulitsadi mabanzi ofunda m'mawa kwa ana a sukulu ndi okwera njinga. Choncho nthunzi tinaipereka kwa banzi. Patapita mphindi zisanu chitulukireni mu uvuni, mtsikana wogulitsa pawindo ananyema limodzi pang'onopang'ono. Nthunzi sioneka ukaiwalitsa kutsogolo. Nyale ndinaiika kumbuyo kwa manja ake cham'mbali, ndipo kumbuyo kwenikweni kunali chitseko chakuda cha uvuni. Inaoneka bwino lomwe, ikukwera ngati utsi wa mbaula.

Lofu lalikulu tinalipatsa chithunzi china, chimene ndinachitenga kwa ogula eniake. Yang'anani mayi aliyense pa kantemba: asanalipire amafinya buledi ndi zala kuti amve ngati ndi walero. Ndiye tinatenga lofu lozizira, kulicheka pakati, chikhatho n'kulidinikiza mpaka pansi, kenako kulisiya. Linadzuka lokha pang'onopang'ono mpaka kubwerera mmene linalili, lili wofuwofu. Masekondi anayi amenewo ndi amene anthu ambiri anandiuza pambuyo pake kuti anawabwereza.

Nyimbo sindinaikemo. Chifukwa china n'choti nyimbo ya mwini Facebook imatha kuizimitsa, vidiyo n'kukhala duu. Koma chachikulu n'choti bekare ili ndi mawu ake. Chitini chikagunda patebulo kuti lofu lituluke, amalume akagogoda kunsi kwa lofu ndi chala likulira ngati kang'oma kusonyeza kuti lapsa, mpeni ukamadutsa pakhungu. Mawu amenewa ndinawajambula padera, makina okandira atazima, foni ili pafupi kwambiri. Kenako ndinapempha amalume kuti anene zimene amachita, m'mawu awoawo. Poyamba anayamba Chingelezi cha pa wailesi, ndinawaletsa. Ulendo wachitatu anangoti, "Mtanda ndi 800. Ukapsa, ukazizira, ndi 700. Kayezeni." Palibe chimene ndikanalemba choposa pamenepo.

Kulumikiza ndi kutumiza

Ndinalumikiza mu CapCut, pulogalamu yolumikizira mavidiyo, ndipo yonse inakwana masekondi 45. Sindinatsate dongosolo la kuphika. Munthu amene akupyola ma Status a anzake amakupatsa kamphindi kochepa kwambiri, ndipo thumba la fulawa silingamuimitse. Ndinayamba ndi banzi lofuka lija, kenako wotchi ikuonetsa 12 koloko usiku ndi manja akusambidwa ndi sopo mpaka m'zigongono, kukanda pang'ono chabe, sikelo kwa masekondi khumi athunthu, kutupa, uvuni, mashelefu ndi wotchi, lofu pa sikelo, chikhatho chija, n'kutsiriza ndi njinga ikutuluka pachipata kukuyera. Zolemba pa sikirini zinali zitatu zokha, m'Chinyanja, zilembo zikuluzikulu, chifukwa ambiri amaonera mawu atazimitsa, m'minibasi kapena pamaliro.

Zina tinazisiya dala. Muyezo wa shuga ndi mafuta sunaoneke, dzina la pa thumba la fulawa tinalitembenuzira kukhoma, ndipo chitseko cha kumbuyo ndi pamene amasungira ndalama sizinalowe m'chithunzi chilichonse, pakuti vidiyo imaonedwanso ndi akuba. Mnyamata mmodzi sanafune nkhope yake ioneke, ndiye anaoneka manja okha. Amayi ankafuna tionetse mapepala a kukhonsolo ndi masatifiketi a kuchipatala a antchito. Ndinajambula khoma limene apachikapo, patali, kwa sekondi imodzi, moti mayina sawerengeka. Pepala pa vidiyo silikopa munthu, koma amene akulifuna aliona kuti lilipo.

Potumiza, WhatsApp imafinya vidiyo kuti ichepe, ndipo zimene zimayamba kuwonongeka ndi malo amdima ndi manambala ang'onoang'ono. Nditadzitumizira ndekha koyamba, 800 wa pa sikelo ankaoneka ngati 300. Ndinabwerera, kukulitsa chithunzicho kuti sikelo idzaze theka la sikirini, n'kuyesanso pa kafoni kotchipa ka mnyamata wa njinga, poti mafoni otero ndi amene ali m'komboni. Kwa amayi ndinatumiza ngati `Document` kuti asunge yosafinyika. Ya eni tuntemba ndinaichepetsa dala, chifukwa munthu sangathere bando yake pa malonda a wina.

Sitinalipire kulengeza kulikonse. Amayi anaika pa Status ndi pa tsamba lawo la Facebook, koma njira imene inagwira ntchito kwambiri inali ya mnyamata wa njinga. Pa kantemba kalikonse ankaonetsa vidiyo pafoni pake, n'kuitumiza kwa mwini kantemba kuti naye azionetsa wogula wodandaula.

Zimene zinatsatira

Sindinganene kuti vidiyo ndiyo inabweza malonda, chifukwa pa nthawi yomweyo buledi analemera, thukuta m'mapulasitiki linatha, ndipo mtengo unasintha. Zitatuzi sizingalekanitsidwe. Chimene ndinaona m'buku la maoda la amayi patapita mwezi n'choti ambiri mwa amene anachepetsa anabwerera pa muyezo wawo wakale, awiri amene anasiyiratu sanabwerere chifukwa cha mtengo, ndipo mabanzi a pawindo anayamba kutha 7 koloko isanakwane. Za mabanzizo ndiye ndikhoza kuloza nthunzi ija mosakayika kwenikweni, popeza pa banzi palibe china chimene chinasintha.

Mawu a amalume akuti "kayezeni" anthu anawatenga monga momwe analili. Sabata yachitatu bambo wa ku Mchini uja anatumiza chithunzi cha lofu lili pa sikelo yake ya kapenta, likuonetsa 670. Titafufuza tinapeza kuti usiku umenewo amalume anadwala, ndipo mnyamata amene anawagwirira ntchito anatopa ndi sikelo pa thumba lachitatu n'kuyamba kudula ndi maso. Amayi anapita okha ku Mchini, kukasintha malofu onse a tsikulo. Kuchokera pamenepo, pa thumba lililonse amawerenga malofu otuluka n'kulemba pakhoma ndi choko. Akapitirira 53, palibe chifukwa choyezera lofu lililonse, nambalayo yanena kale.

Chimodzi chimene ndikanachita mosiyana ndi cholemba chimene ndinaika pa chithunzi cha kutupa, chakuti "mphindi 50". Zimenezo n'zoona mu Okutobala. Mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno kukafika, mtanda womwewo umatha kutenga ola ndi theka, ndipo amalume amafunditsa madzi okandira kuti athandize yisiti. Palibe wogula amene angadandaule nazo, koma amalume eniake anandikumbutsa kawiri konse kuti ndinalemba zinthu za mwezi umodzi ngati za chaka chonse. Tapangana kuti Juni akafika ndidzagonenso kumeneko usiku umodzi, ndi juzi, kuti tijambule chitini china pansi pa wotchi yomweyo.